Kalata ya lefelensi: ndipemphe kwa ndani, ndipo ndimupatse chiyani?

Tiyamike: Muli bwanji nonse pa gulu pano. Ndikupempha nzeru. Ndikufunsira sikolashipu ya masitazi ya zaumoyo wa anthu, ndipo akufuna makalata awiri a lefelensi, imodzi yochokera kwa amene anandiphunzitsa ku yunivesite, ina yochokera kuntchito. Atseka pakatha milungu isanu. Digiri ndinamaliza zaka zitatu zapitazo, ndipo chichokereni sindinalankhulanepo ndi mphunzitsi aliyense. Anthu amene ndikuwaganizira alipo awiri. Woyamba ndi pulofesa amene anali mkulu wa dipatimenti yathu, munthu wodziwika kwambiri, koma anatiphunzitsa kosi imodzi yokha tili chigulu m'holo, moti ndikukayika ngati nkhope yanga angaikumbukire. Wachiwiri ndi lekichala wachinyamata amene ankandiyang'anira pa kafukufuku wa chaka chomaliza. Kuntchito nako abwana sakudziwa kuti ndikufuna kubwerera kusukulu. Ndiyambire pati?

Kondwani: Achemwali, apa palibe zokayikira, pitani kwa pulofesayo. Anthu osankha aja amayang'ana kaye amene wasaina. Dzina likakhala lalikulu kalata imalemera. Lekichala wamng'onoyo amudziwa ndani?

Chifuniro: Za kuntchitozo n'zosavuta. Mungopita ku ofesi yoona za antchito, muwauze kuti akulembereni kalata yoti mumagwira ntchito pamenepo. Amalemba tsiku lomwelo, n'kudinda chidindo. Abwana anu sakuyenera kudziwa n'komwe.

Bambo Mwale: A Chifuniro, imene mukunenayo ndi kalata ina. Ine ndimagwira ntchito mu ofesi yoona za antchito, ndipo makalata amenewo timalemba pafupipafupi. Amangonena kuti uje anayamba ntchito chaka chakuti, udindo wake ndi wakuti, basi. Amathandiza munthu akamatenga ngongole kapena akamafunsira viza. Koma imene akufuna a Tiyamike ndi yoti munthu amene anawaona akugwira ntchito anene maganizo ake pa iwo: amatha chiyani, amachita bwanji zinthu zikavuta, angakwanitse maphunziro apamwamba kapena ayi. Ifeyo a mu ofesi sitingalembe zimenezo chifukwa sitikhala nawo pa ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku.

Chifuniro: Aa, ndamva. Ndimaona ngati ndi chinthu chimodzi.

Mayi Nachisale: Ndilowepo, chifukwa ine ndimaphunzitsa ku yunivesite, makalata otere ndimalemba chaka chilichonse, komanso ndinakhalapo m'komiti yowerenga makalata a ena. A Tiyamike, pitani kwa amene anakuyang'anirani pa kafukufuku.

Chifukwa chake mudzachiona mukangoyang'ana mafunso amene wolembayo amafunsidwa. Nthawi zambiri funso loyamba limakhala lakuti, munthuyu mwamudziwa kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo munamudziwa muli ndani wake? Pulofesa wanu akayankha moona mtima adzati, anali m'kalasi langa semesita imodzi, anakhoza bwino. Kupitirira apo alibe chonena, ndiye adzadzaza tsambalo ndi mawu aja timawadziwa tonse: wolimbikira, waulemu, wosunga nthawi. Wowerenga amene wadutsa kale m'makalata makumi angapo tsiku limenelo mawu amenewa sawaonanso, maso amangodutsa. Zoti munakhoza bwino zili kale pa chikalata cha magiredi anu, ndiye kalatayo siinawonjezere kanthu.

Pamene wokuyang'anirani uja anakuonani mukulimbana ndi ntchito miyezi yambiri. Anaona pamene zinthu zinasokonekera ndi mmene munazikonzera. Angathe kulemba kuti, mwa ophunzira amene ndawayang'anira, uyu ndimamuika pakati pa ochepa apamwamba, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Mafomu ambiri amafunsadi zimenezi, amakhala ndi timabokosi toti wolemba asankhe ngati muli mu 5 peresenti yapamwamba, mu 10 peresenti, kapena pakati. Munthu wosakudziwani akafika pamenepo amasankha bokosi lapakati kuti asaname, ndipo bokosi lapakati pa mpikisano wa sikolashipu limakugwetsani.

Kondwani: Koma Mayi, musandiuze kuti dzina silitanthauza kanthu. Mnzanga wina anapeza malo chifukwa amene anamulembera ankadziwana ndi aphunzitsi a kumene ankapitako.

Mayi Nachisale: Limatanthauza, achimwene, sindikukana. Pulofesa wodziwika amene akukudziwani bwino amaposa lekichala wamng'ono amene akukudziwani bwino. Koma si zimene a Tiyamike ali nazo m'manja. Iwo akusankha pakati pa dzina lalikulu lopanda chonena ndi dzina laling'ono lokhala ndi umboni. Mnzanuyo ndikukhulupirira kuti womulemberayo ankamudziwadi. Chimodzi chokha chimene ndikugwirizana nanu: a Tiyamike awerenge kaye malamulo a sikolashipuyo. Ena amatchula mtundu wa munthu amene akuyenera kulemba, mwachitsanzo kuti akhale mphunzitsi amene akugwirabe ntchito pa yunivesite. Ngati lekichalayo akukwanira pa zimene alembazo, nkhani yatha.

Tiyamike: Ndawerenganso. Angoti akhale munthu amene anandiphunzitsa kapena kundiyang'anira pa maphunziro. Ndiye akukwanira. Koma Mayi, ndikuchita manyazi. Zaka zitatu osapereka ngakhale moni, lero ndingotulukira ndi pempho?

Mayi Nachisale: Manyazi amenewo asiyeni. Kulemba makalata amenewa ndi mbali ya ntchito yathu, ndipo palibe mphunzitsi amene amayembekezera kuti ophunzira onse akale azimulonjera mwezi ndi mwezi. Chimene chimatipweteka si kukhala chete kwa zaka zitatu, koma uthenga wobwera Lachinayi usiku wonena kuti kalata ikufunika Lachisanu. Inu muli ndi milungu isanu, ndi nthawi yabwino. Lembani lero, musadikire mawa. Mwezi wathunthu ndi umene ndimaona kuti ndi ulemu, milungu iwiri ndiye malire.

Lembani imelo, osati uthenga wa pafoni wongoti moni aphunzitsi n'kudikira kuti ayankhe kaye. Zonse zikhale mu uthenga umodzi waufupi. M'chilankhulo chilichonse chimene mulembere, mfundo zake zikhale izi:

"Aphunzitsi, ndine Tiyamike, munandiyang'anira pa kafukufuku wanga wa chaka chomaliza wokhudza zakutizakuti, m'chaka chakuti. Panopa ndikugwira ntchito yakuti. Ndikufunsira sikolashipu ya masitazi ya zaumoyo wa anthu, ndipo akufuna kalata yochokera kwa amene anaona ntchito yanga ya kusukulu. Kodi mukuona kuti mukundikumbukira mokwanira kuti mungandilembere kalata yamphamvu? Ikufunika pofika tsiku lakuti. Mukavomera ndikutumizirani zonse zofunika nthawi imodzi. Ngati nthawi ikuchepa kapena mukuona kuti wina angalembe bwino kuposa inu, chonde ndiuzeni momasuka, ndimvetsa."

Mawu awiri m'menemo musawachotse. Oyamba ndi akuti yamphamvu. Mukangofunsa kuti mungandilembere kalata, pafupifupi aliyense amavomera, chifukwa kukana kumaoneka nkhanza, kenako n'kulemba kalata yozizira imene inu simudzaiona. Achiwiri ndi khomo lotulukira lija la kumapeto. Mukumupatsa munthuyo njira yokanira popanda kukukhumudwitsani. Akakana, mwapulumuka, chifukwa kalata ya munthu wokayika imawononga kuposa kuchedwa kwa masiku awiri mukufunafuna wina.

Limbani: Nanga munthu angadziwe bwanji kuti wavomera ndi mtima wonse? Chifukwa ena amati inde koma mkati akukana.

Mayi Nachisale: Mvetserani mmene wayankhira. Wofuna kulemba bwino amafunsa mafunso: pulogalamuyo ndi yotani, nditumizireni lipoti lanu lija, mukufuna nditsindike chiyani. Koma akayankha kuti ndingathe kungotsimikizira kuti munali m'kalasi langa, kapena kuti bwanji mufunse uje amene anakudziwani bwino, wakuuzani kale zoona mwaulemu. Muthokozeni, pitani kwina. Osakakamira.

Tiyamike: Chabwino, nditumiza lero. Tsopano akavomera ndiwapatse chiyani? Ndimaganiza zongotumiza sivi yanga.

Kondwani: Sivi ndi yokwanira. Zonse zili m'menemo. Mukawatumizira zambiri sawerenga, anthu aja ndi otanganidwa.

Bambo Mwale: Zoti ndi otanganidwa n'zoona, koma sivi yokha imabala kalata imene imangobwereza sivi. Ndimaziona kwambiri tikamalemba anthu ntchito. Kalata imati uje anaphunzira kwakuti, anagwira ntchito kwakuti, ali ndi satifiketi yakuti. Zonsezo tawerenga kale pa sivi ya mwini wake. Ife timafuna chimene sivi singanene.

Mayi Nachisale: Ndi zimenezo. Tumizani imelo imodzi, osati zidutswa zobwera masiku osiyanasiyana. Muikemo chilengezo cha sikolashipuyo, makamaka pamene alemba zimene amayang'ana posankha. Muikemo sivi, chikalata cha magiredi, ndi nkhani imene mwalemba yofotokoza chifukwa chimene mukufunira maphunzirowa, ngakhale isanamalizidwe. Kwa lekichalayo muwonjezere lipoti la kafukufuku wanu. Mafayilo muwapatse mayina omveka, monga `Tiyamike_CV.pdf`, chifukwa ife timalandira mafayilo ambiri otchedwa `document1.pdf` ndipo amasochera. Pamwamba pa imeloyo mulembe tsiku lotsekera, ola lake ngati alitchula, ndi njira imene kalatayo ipitire.

Koma chofunika kuposa zonsezo ndi tsamba limodzi limene mulembe nokha lokumbutsa munthuyo zimene anakuonani mukuchita. Tsamba limodzi, osapitirira. Tiyeni tiyesere pompano. Sikolashipuyo akuti amayang'ana chiyani?

Tiyamike: Alemba zitatu: luso pa maphunziro ndi kafukufuku, utsogoleri, komanso kuti maphunzirowo adzathandiza bwanji anthu ndikamaliza.

Mayi Nachisale: Ndiye kwa lekichala wanu tengani choyambacho. Ndiuzeni chinthu chimodzi chimene chinachitika pa kafukufuku wanu chimene iwo anachiona ndi maso. Osati khalidwe lanu, koma chochitika.

Tiyamike: Ndinali wolimbikira kwambiri, sindinkajomba misonkhano yathu, ndipo ndinapereka lipoti nthawi yake.

Mayi Nachisale: Zimenezo n'zabwino koma aliyense angazinene. Ganizirani tsiku limene zinthu zinavuta.

Tiyamike: Chilipo. Kafukufuku wanga anali woyeza madzi a m'zitsime ngati muli tizilombo toyambitsa matenda otsegula m'mimba. Zotsatira zoyamba zinaonetsa tizilombo m'zitsime zonse, ngakhale zotetezedwa bwino. Ndinakayikira, chifukwa botolo la madzi oyera limene tinkayeza pofuna kutsimikizira kuti zipangizo zili bwino nalonso linaonetsa tizilombo. Ndinafufuza mpaka ndinapeza kuti mabotolo sankaphedwa tizilombo mokwanira mu labu tisanapite kukatunga. Ndinawauza aphunzitsiwo, tinataya zotsatira zonsezo n'kuyambiranso. Zinandichedwetsa, koma anzanga ena awiri amene ankagwiritsa ntchito mabotolo omwewo nawonso anakonza zawo.

Mayi Nachisale: Imeneyo ndiye kalata yanu. Taonani zimene zili m'nkhani imeneyi. Munakayikira zotsatira zimene zikanakupatsani lipoti lochititsa chidwi. Munadziwa tanthauzo la botolo la madzi oyera lija. Munanena zoona ngakhale zinakuwonjezerani ntchito. Munathandiza ena. Komiti yofuna munthu wa kafukufuku ikawerenga ndime yotere kuchokera kwa mphunzitsi wanu, imakukumbukirani pa nthawi yosankha. Koma lekichala wanuyo wayang'anira ophunzira ambiri chichokereni inu, ndipo mwina akungokumbukira kuti panali vuto la mabotolo chaka china, osakumbukira kuti analipeza ndani. Mukapanda kumukumbutsa, sizilowa m'kalatamo.

Pa tsamba lija mulembe mwachidule motere: mwezi wakuti wa chaka chakuti, chinachitika n'chakuti, ndinachita chakuti, chotsatira chake chinali chakuti. Nkhani ziwiri kapena zitatu zotere zakwana. Muwonjezere makosi amene anakuphunzitsani ndi magiredi ake. Kenako chiganizo chimodzi: a sikolashipu akuyang'ana luso la kafukufuku, ndingakondwe mutatsindika mbali imeneyo ngati mukugwirizana nazo. Musalembe mawu odzitamanda ngati wanzeru kapena waluso. Inu perekani zochitika, mawu oyamikira asankha okha.

Limbani: Kodi kumeneko si kumuuza munthu zoti alembe? Ena akhoza kukhumudwa.

Mayi Nachisale: Ine sindinakhumudwepo ndi tsamba lotere, limandipeputsira ntchito. Kumuuza zolemba ndi kunena kuti lembani kuti ndine woposa onse. Kumukumbutsa ndi kunena kuti paja tsiku lija kunachitika zakuti. Malire ake ndi akuti chilichonse chili pa tsambalo chikhale choona, ndipo chikhale chimene iye anachiona. Zimene munachita kuntchito, lekichala sanazione, musamupemphe kuti azichitire umboni. Zimenezo ndi za abwana anu. N'chifukwa chake akufuna makalata awiri, kuti aliyense aunikire mbali yake. Wolemba aliyense mumupatse tsamba lakelake, ndipo mumuuze kuti winayo ndani ndipo akhudza mbali iti, kuti asabwerezane.

Tiyamike: Ndiye tafika pa abwana. Apa ndiye mtima ukugunda. Ndikawauza, n'kupezeka sikolashipu sindinaipeze, sadzayamba kundiona ngati munthu wapaulendo?

Bambo Mwale: Mantha amenewo ali ndi maziko, sindikunamizani. Mabwana amasiyana. Koma kupita kusukulu n'kosiyana ndi kuthawira ku kampani ina. Ambiri amakulandira bwino, makamaka mukawauza msanga, chifukwa maphunziro amayamba patapita miyezi yambiri ndipo amakhala ndi nthawi yokonzekera. Chimene chimawapweteka ndi kumva kwa ena, kapena kungolandira imelo yochokera kwa a sikolashipu yowapempha kalata iwo asakudziwa kanthu. Zimenezo musachite. Dzina la munthu musalilembe pa fomu musanamupemphe.

Kwa abwana musayambe ndi imelo. Pemphani mphindi khumi muli awiri, pa nthawi imene sali pa phuma. Auzeni zimene mukufunsira, nthawi imene zotsatira zidzatuluke, nthawi imene mungachoke ngati zitatheka, ndiponso kuti zikakanika mukhalabe pa ntchito ndi mtima wonse. Kenako funso lomwe lija la Mayi Nachisale: kodi mungandilembere kalata yamphamvu? Mapepala mutumize pambuyo pake tsiku lomwelo.

Ndipo abwana amene ndikunena ndi amene mumapereka malipoti kwa iwo, osati mkulu wa bungwe lonse amene mumangokumana naye pa misonkhano. Nkhani yake ndi yomwe ija ya pulofesa.

Chifuniro: Nanga abwanawo akakhala kuti simugwirizana? Anga ine sindingayerekeze n'komwe.

Bambo Mwale: Pamenepo muyang'ane amene anakuyang'aniranipo kale: bwana wakale amene anasamukira kwina, kapena mtsogoleri wa pulojekiti ina imene munagwirapo. Bola malamulo asanene kuti akufuna bwana wa panopa. Wolembayo anene momveka kuti anakuyang'anirani liti ndipo pa ntchito yanji. Mnzanu wofanana naye udindo ndi njira yomaliza, ndipo wachibale ayi ndithu.

Chinanso, mabungwe ena ali ndi lamulo loti bwana asalembe maganizo ake pa wantchito m'dzina la bungwe, amangololedwa kutsimikizira udindo ndi masiku. Mufunse msanga ngati kwanuko lamulo limeneli lilipo. Likakhalapo, nthawi zina bwana amaloledwa kulemba m'dzina lake monga munthu payekha, koma zimenezo mufunsenso a sikolashipu ngati angalandire kalata yopanda chizindikiro cha bungwe.

Tiyamike: Pa tsamba la abwana ndilembepo zotani? Ntchito yanga ndi yosonkhanitsa ndi kukonza malipoti ochokera kwa anzathu a m'madera. Sindine mtsogoleri wa aliyense, pamene iwo akufuna utsogoleri.

Bambo Mwale: Utsogoleri sufuna udindo. Pali chimene munasintha pa ntchitopo popanda kutumidwa?

Tiyamike: Malipoti ankabwera aliyense ndi kalembedwe kake, moti kuwaphatikiza kunkatenga pafupifupi sabata. Ndinakonza fomu imodzi, ndinawaphunzitsa anzanga kuigwiritsa ntchito, ena ankakana poyamba koma ndinakhala nawo mmodzimmodzi. Panopa timamaliza m'masiku awiri.

Bambo Mwale: Lembani zimenezo ndendende mmene mwanenera, ndi manambala akewo, komanso mbali ya amene ankakana ija musaisiye, chifukwa utsogoleri uli pamenepo. Mabwana ambiri sanazolowere kulembera makomiti a maphunziro, amalemba mizere isanu ngati kalata yosamutsa munthu. Muwasonyeze zimene a sikolashipu akuyang'ana, ndipo ngati atchula kutalika kwa kalata muwauze. Akapanda kutchula, tsamba limodzi lodzaza kapena limodzi ndi theka ndi zokwanira.

Kondwani: Zonsezi n'zabwino, koma tinene zoona. Kawirikawiri bwana amangoti lembani nokha, ine ndisaina. Ine ndimaona kuti imeneyo ndiye njira yabwino koposa. Umalemba zonse zimene ukufuna, palibe kudikira, palibe kudandaula kuti alemba zotani.

Mayi Nachisale: Apa sindigwirizana nanu. Kalatayo ikuyenera kukhala umboni wa munthu wina, ndipo mapulogalamu ena amanena poyera kuti wofunsira asatenge mbali polemba. Komanso imazindikirika. Wowerenga ali ndi nkhani yanu ija patsogolo pake, kenako akuwerenga kalata ya abwana yokhala ndi kalembedwe komweko, mawu okondedwa omwewo, ngakhale zolakwitsa zofanana. Akangokayikira, amakayikira zonse zimene mwatumiza. Chinanso, munthu sungathe kudziyerekeza ndi anzako. Chiganizo champhamvu koposa m'kalata ndi chija chakuti mwa onse amene ndawayang'anira uyu ali pamalo akuti, ndipo chimenecho mwini wake yekha ndiye angachilembe.

Kondwani: Ndiye munthu atani, akane? Bwana wati alibe nthawi. Ukakana ndiye kuti kalata palibe.

Bambo Mwale: Ine ndili pakati. Zimachitikadi, ndipo si nthawi zonse pamene bwana amakhala waulesi. Ena chilankhulo cha kalatayo chimawavuta, ena sanalembepo. Njira imene ndimalangiza ndi iyi: muyankhe kuti ndikukonzerani mfundo zonse, masiku, ntchito, zochitika, inu muziike m'mawu anu ndi kuwonjezera maganizo anu. Kapena mupemphe mphindi makumi awiri, mukhale pansi, iwo azilankhula zimene akuganiza za inu, kenako alembe kuchokera pamenepo. Akaumirirabe kuti mulembe chiyambi, ndipo malamulo a pulogalamuyo sakuletsa, lembani zoona zokhazokha, musiye malo oti iwo aikepo chiweruzo chawo, ndipo muwapemphe kuti asinthe momwe angafunire.

Mayi Nachisale: Mpaka pa mfundo ndi kukhala pansi ndikuvomereza. Pa kulemba chiyambi, ine ndikanafunafuna munthu wina. Bwana amene sangapeze ola limodzi lolembera munthu wake, akadzaimbiridwa foni kuti afotokoze zimene anasaina adzayankha chiyani?

Bambo Mwale: Funso limenelo ndi loona, ndipo ife timaimbadi foni. Koma si onse ali ndi munthu wina woti apiteko, Mayi. Wina wagwira ntchito malo amodzi okha, pansi pa bwana mmodzi.

Kondwani: Ndi zimene ndikunena ine.

Limbani: Ndiloleni ndinene zimene zinandichitikira, chifukwa mwina zithandiza a Tiyamike. Ine onse awiri anavomera bwinobwino. Koma njira yake inali yoti ndilembe imelo ya wondilembera pa fomu, ndiye makina amutumizira linki yoti aikepo kalata. Mmodzi linkiyo sinamufike, inagwera m'bokosi la mauthenga osafunika. Iye ankadikira linki, ine ndinkaganiza kuti watumiza kale. Tinazindikira tsiku lotseka litadutsa, ndipo pempho langa analiona ngati losakwanira.

Mayi Nachisale: Pepani achimwene, zimenezi zimachitika kawirikawiri. A Tiyamike, mukangolemba imelo ya munthu pa fomu, muuzeni nthawi yomweyo kuti linki yatumizidwa, ayang'ane, ndipo akapanda kuiona afufuze m'bokosi lija. Mufunseni kaye imelo imene akufuna kuti mugwiritse ntchito. Ambiri osankha amakonda imelo ya kuntchito kapena ya yunivesite chifukwa imatsimikizira kuti munthuyo ndi weniweni, koma ikhale imene amaitsegula. Muonenso ngati linkiyo imapita mukangolemba dzina, kapena imadikira kuti mumalize fomu yonse. Ikakhala yodikira, ndiye kuti kuchedwa kwanu kukudya nthawi ya wolembayo. Mafomu ambiri amaonetsa ngati kalata yafika kapena ayi, muziyang'ana pamenepo osati kungokhulupirira mawu.

Kukumbutsa si mwano. Patsala sabata imodzi, tumizani uthenga waufupi wokhala ndi tsiku lotseka ndi linki. Patsala masiku awiri, ngati sinafikebe, imbani foni kapena pitani ku ofesi. Ndipo kuyambira lero mukhale ndi munthu wachitatu m'maganizo, woti zikavuta mungamupemphe.

Chifuniro: Kodi munthu uli ndi ufulu woona zimene akulembera? Ine sindingakonde kuti wina alembe za ine mwachinsinsi.

Mayi Nachisale: Zimatengera kumene mukufunsira. Mayunivesite a ku America, chifukwa cha lamulo lawo la 1974 lokhudza zikalata za ophunzira, amafunsa pa fomu ngati mukuvomera kusiya ufulu wodzaona kalatayo. Ine ndimalangiza kuvomera, chifukwa owerenga amakhulupirira kwambiri kalata imene akudziwa kuti mwini wake sanaione. Kwina amakupemphani kuti muike nokha kalatayo, ndiye mumaiona. Ikakhala yotero, onetsetsani kuti ili pa pepala la chizindikiro cha yunivesite kapena bungwe, yasainidwa, ili ndi tsiku, komanso yatchula dzina la sikolashipuyo molondola. Kalata yakale yolembera aliyense amene angaiwerenge musaigwiritse ntchito, imaoneka kuti siinalembedwere iwowo.

Chifuniro: Ine pamenepo mtima sukukhazikikabe. Kusaina kuti sindidzaona?

Bambo Mwale: N'chifukwa chake funso lija la yamphamvu limafunsidwa poyamba. Ngati munthuyo mukumukayikira mpaka kufuna kuona zimene walemba, mwina si woyenera kumupempha.

Tiyamike: Ndabweranso. Lekichala uja wayankha madzulo ano. Akuti akundikumbukira, avomera, ndipo apempha lipoti la kafukufuku ndi nkhani yanga ija. Koma akuti sabata yachinayi adzakhala akuchonga mayeso, ndiye akufuna zonse pofika Lolemba kuti alembe msanga. Tsamba lokumbutsa ndayamba, nkhani ya mabotolo ndaika poyamba. Abwana ndapempha kuonana nawo Lachitatu. Funso lina: pali sikolashipu inanso imene itsegulidwe miyezi ikubwerayi. Ndiwauziretu panopa, kapena ndidzapemphenso nthawi yake ikafika?

Mayi Nachisale: Auzeni panopa, mu imelo ya Lolembayo. Lembani mayina a zonse ziwiri ndi masiku ake otsekera. Kalata yoyamba ndi imene imadya nthawi, yachiwiri amangosintha ndime zina kuti zigwirizane ndi zimene enawo akufuna. Koma nthawi yake ikadzafika mudzawakumbutsenso ndi chilengezo chatsopanocho, musadzangolemba dzina lawo poganiza kuti anavomera kale. Zotsatira zikadzatuluka, zabwino kaya zoipa, mudzawadziwitse.

Limbani: Ndipo mudzafunse a sikolashipu yachiwiriyo ngati nawo amatumiza linki kapena mumaika nokha, chifukwa zimasiyana.

Kondwani: Lachitatulo abwana akakati lembani nokha, mudzatiuze kuti mwapanga bwanji.

Tiyamike: Ndipita ndi tsamba la mfundo lija m'manja, ndiyambe ndapempha mphindi makumi awiri zimene anena Bambo Mwale. Akakana pamenepo ndibweranso tidzakambirane.